Ndithandizeni kusiyanitsa static friction ndi kinetic friction

Moni nonse aphunzitsi ndi anzanga a fizikisi. Ndine wa folomu 3 kuno ku Luchenza, ku Thyolo. Funso lili motere: bokosi la tiyi lolemera 50 kg lili pa simenti yosalala, μs = 0.5 ndipo μk = 0.3. Pezani mphamvu yochepetsetsa yoti bokosilo liyambe kukhwekhwereka.

Ndatenga g = 10 m/s², choncho N = mg = 500 N. Kenako μs × N yandipatsa 250 N. Ndikuganiza kuti yankho ndi limeneli, popeza bokosi likadali chiimire. Mnzanga akuumirira pa 150 N, wagwiritsa ntchito μk. Koma ine ndikuona kuti 150 N imagwira ntchito bokosi litayamba kale kuyenda, n'chifukwa chake katundu amavuta poyamba kukankha kenako n'kupepukirako.

Pamene pandizunguza mutu kwenikweni ndi apa. Ndikakankha ndi 100 N yokha, bokosi silisuntha. Kodi static friction pamenepo ndi 250 N kapena 100 N? Ikanakhala 250 N, bwenzi bokosi likubwerera kwa ine, zomwe sizichitika. Ndiye kuti imangofanana ndi mphamvu yanga mpaka itafika malire a μs × N?

Komanso pa mayeso ndilembe 250 N ndendende, kapena "kupitirira pang'ono 250 N"? Pa 250 N penipeni mphamvu ziwirizi zangolingana. Chonde ndiunikireni.