Lipoti la insulini lija ndalikonza, nazi zomwe zasintha

Funso langa lija linali loti: "Lipoti la zomwe zalakwika mu wodi ndingalilembe bwanji kuti lisaloze munthu chala koma zoona zake zonse zikhalemo?"

Ndabweranso abale, ndalipereka ndipo amatroni alilandira. Chiganizo chimene ndinachipeza pa fomu chinali ichi: "Nesi wausiku mosasamala anabaya wodwala insulini kawiri chifukwa mnzake anaiwala kusaina." Mawu oti mosasamala ndi anaiwala ndi chigamulo kale, palibe analowa m'mutu mwa munthu, olo mawu oti chifukwa ndawachotsanso poti kupeza gwero ndi ntchito ya ofufuza.

Pano pali chonchi: "21:00 wodwala analandira mayunitsi 10 a insulini. Pa tchati cha mankhwala malo osaina anali opanda kanthu. 21:30 nesi wachiwiri anapereka mayunitsi ena 10. 21:50 manesi awiriwa atakambirana zinadziwika, shuga atayezedwa anali 5.2 mmol/L. Adokotala anauzidwa 21:55, analamula kuyeza shuga ola lililonse."

Ena munati ndingolemba kuti panachitika kavuto ka mankhwala, ayi ndithu, kumeneko ndi kubisa, wowerenga sadziwa mankhwala ake, mlingo kapena nthawi ndiye akonza chani? Ine 21:00 panalibepo, nde zomwe ndinangouzidwa ndalemba kuti "nesi woyamba ananena kuti anaitanidwa kwa wodwala wina asanasaine". Mayina a manesiwo ali m'bokosi lomwe fomu imafunsa basi, mu nkhanimo ndalemba udindo wawo.