Odita watipatsa kwalifayidi, kodi tide nkhawa?

Mayi wa Soya: Akuluakulu, ndithandizeni. Kopaletivi yathu imagula soya kwa mamembala. Lipoti la odita, omwe amafufuza mabuku athu a zachuma, labwera ndi ganizo loti kwalifayidi. Akuti sanathe kutsimikizira soya wa K18 miliyoni yemwe mabuku akuti anali m'nkhokwe pa 31 Disembala, poti tinawaitana mu Febuluwale matumba atawerengedwa kale. Chuma chathu chonse ndi K240 miliyoni. Apampando akuti palibe vuto. Zoona?

Bambo a Mphatso: Kwalifayidi ndiye kuti mwakhozatu mayi, sangalalani.

Akauntanti Wopuma: Ayi bambo, yokhoza ndi ankwalifayidi. Mayi, apa odita akuti mabuku anu akuonetsa zoona, kupatula soyayo. Sakunena kuti soya kunalibe, akungoti sanamuone ndi maso ndipo sanapeze umboni wina. K18 miliyoni ndi yaikulu moti sakanangoilumpha, koma yakhudza mbali imodzi yokha ya mabuku. Chenjerani apa: mtengo wa katundu wotsala umalowa powerengera phindu. Ngati soya weniweni anali wa K10 miliyoni, phindu lomwe anakuuzani lakwera ndi K8 miliyoni yomwe kulibe. Musanagawane, funsani mapepala omwe anasainira powerenga matumba ndi malisiti a soya yemwe anagulitsidwa mu Januwale.

Msungichuma Wakale: Kwathu mabuku ananyowa ndi mvula denga litasasuka, malisiti ambiri osawerengeka. Odita anatipatsa disikilema. Ndiye yoipitsitsa imeneyo, chifukwa ikutanthauza kuti munthu waba.

Akauntanti Wopuma: Pa kubapo ayi. Disikilema ndi pamene umboni wasowa m'malo ambiri moti odita akukana kuperekapo ganizo lililonse. Adivesi ndi ina: odita umboni waupeza, ndipo ukusonyeza kuti mabuku ndi olakwika pena paliponse, monga kubisa ngongole yaikulu yomwe ikanasintha chithunzi chonse. Kwa ine adivesi imaluma kwambiri, poti odita wanena poyera kuti manambalawo musawakhulupirire.

Msungichuma Wakale: Koma wa adivesi ali ndi mabuku oti n'kuwakonza. Ife tinalibe poyambira.

Mayi wa Soya: Ndiye chaka chino tikapeza ankwalifayidi, ndiye kuti ndalama zathu zili bwino?

Akauntanti Wopuma: Osati choncho. Odita saona lisiti lililonse, amasankha ena, ndiye kuba kwakung'ono kutha kudutsa. Ngakhale bungwe lomira m'ngongole limapeza ankwalifayidi ngati lalemba mavuto akewo moona, kungoti odita amawonjezera ndime yochenjeza kuti mwina silipitirira. Komanso vuto la soyali litha kukutsatirani, chifukwa katundu wotsekera chaka chatha ndiye wotsegulira chaka chino. Ulendo uno odita akhalepo tsiku lowerenga matumba.

Bambo a Mphatso: Nanga kubanki akawapatsa ngongole ndi lipoti limeneli?

Akauntanti Wopuma: Zitengera banki yake. Ngati chikole ndi soya yemweyo, akafunsa mafunso ambiri.