Uthenga wa alamu wa %s ndi %d ukugwetsa pulogalamu ndikautembenuza

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikumasulira m'Chichewa mauthenga a pulogalamu yoyang'anira mapampu ndi matanki m'fakitale, pogwiritsa ntchito mafayilo a .po a gettext. Pali mzere umodzi umene wandiimitsa:

```
msgid "Pump %s stopped after %d seconds"
msgstr "Patatha masekondi %d, pampu %s yaima"
```

M'Chichewa zimamveka bwino nthawi ikayamba, koma printf imatenga zinthu motsatira ndondomeko yake. Ndiye %d ikulandira dzina la pampu, %s ikulandira nambala n'kuiwerenga ngati adiresi ya mawu, pulogalamu n'kugwa alamu ikangolira. Lamulo la `msgfmt -c` silinadandaule, ndipo ndaona kuti mzerewu ulibe chizindikiro cha `#, c-format` pamwamba pake.

Ndikudziwa kuti ndikhoza kulemba %2$d ndi %1$s, ndipo pa Linux zikuyenda. Vuto ndi la makompyuta a Windows a m'chipinda choyang'anira, poti printf wamba ya Microsoft sizindikira kalembedwe kameneka. Kodi libintl.h ikaikidwa m'pulogalamu imakonzadi zimenezi, kapena ndipemphe opanga pulogalamu asinthe okha?

China n'chakuti %s nthawi zina imabweretsa dzina la chipangizo chilichonse. Timati valavu yatseka koma chipangizo chatseka, ndipo mneni sangasinthe yekha. Panopa ndikulemba "%s: kutseka", zomwe zikumveka zouma. Amene munakumanapo nazo, munazemba bwanji popanda kutalikitsa mzere wa alamu?