Probox ya 1NZ, getsi la oyilo likuyaka injini ikatentha, mwini wake akufuna galimoto lero

aBanda a ku Gazaland:
Abale ndithandizeni, mutu waima. Dalaivala akuti getsi lofiira la oyilo linayamba kuphethira ali cha ku Kuwadzana pochokera ku Norton, koma m'malo mozimitsa anayendabe mpaka kuno ku Highfield poti anali ndi katundu. Oyilo pa dipisitiki ali pa fulu. Ndasintha swichi ya puresha ya oyilo, palibe chasintha. Ikazizira getsi likuzima, ikatentha likubwerera, makamaka ndikaponda mafuta. Pansi pakumveka kakugogoda pang'ono. Sampu inamatidwa ndi silikoni kwina mwezi watha. Mwini wake akuti ndingodula waya wa getsilo!

aPhiri:
Ndi swichi imeneyo achimwene. Zotchipa zambiri zimabwera zakufa kale. Gulani ina.

Madala Mwale:
ABanda, musailizenso injiniyo mpaka mutaika geji yoyezera puresha ya oyilo. Chotsani swichi, pamalo pake mangani geji, injini itenthe bwino, muwerenge msanga n'kuzimitsa. Buku la Toyota limafuna 29 kPa kapena kuposa pa ayidolo, ndipo pa marevu 3000 isatsike pa 150 kPa. Dziwani kuti swichi imayatsa getsi puresha ikagwa kufika cha m'ma 20 kPa. Ndiye getsi likayaka galimoto ikuthamanga, puresha inathawa kale, sikuti ikungoyamba kuchepa ayi.

Kirankishafuti siyenera kukhudza mabering'i, imayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi. Pa marevu 3000 ikuzungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Oyiloyo akasowa, chitsulo chimadyana ndi chitsulo, bering'i imatentha, imakanda shafuti, kenako imazungulira m'nyumba mwake. Masekondi ochepa akwanira kuyamba kuwononga. Dalaivalayo akanapatukira pambali pa msewu wa Bulawayo n'kuzimitsa pomwepo, mwina bwenzi tikukamba za gasiketi ndi oyilo basi.

aPhiri:
Madala, ikanakhala puresha injini ikanagwira asanafike. Ine ndikuti swichi. Ngati ayi, thirani 20W-50 getsi lizima.

Mayi Nkhoma:
APhiri, oyilo wolemera angazimitse getsi la pa ayidolo chifukwa sathawa msanga m'mabering'i akutha, koma pamenepo mwangotseka pakamwa wodwala. Ndipo mvetserani zomwe anena aBanda: getsi likubwera akaponda mafuta. Mabering'i akatha, getsi limayamba pa ayidolo n'kuzima marevu akakwera. Likamayaka pa kona kapena pa buleki, oyilo ndi wochepa, pampu ikumwa mphepo. Koma likamayaka marevu akukwera, ine ndimakayikira sitirena, kasefa ka m'sampu kamene pampu imakokerapo oyilo. Silikoni wochuluka amafinyikira mkati, amadukaduka, pampu ikakoka mwamphamvu zidutswazo zimatseka kasefa kaja. Oyilo wolemera pamenepo ndiye avutikiratu kudutsa.

Chisale wa ku Mbare:
Yanga Honda Fit imayatsanso getsi m'mawa ndikangoliza, lobiriwira, kenako limazima lokha. Ndi vuto lomweli?

Mayi Nkhoma:
Ayi mwanangu, lako likungokuuza kuti madzi sanatenthe. Tikunena lofiira lokhala ngati kaketulo kodontha.

Madala Mwale:
Mayi anena zoona. Popeza kugogoda kwayamba kale, ine ngakhale geji ndingayambe ndaisiya. Khuthulani oyilo m'beseni loyera, muyang'ane padzuwa. Dulani fyuluta, mutambasule pepala lake. Mukaona tizitsulo tonyezimira, bering'i yapita. Tsitsani sampu yapansi, muone sitirena. Mukafika pa mabigi endi, masulani makapu limodzi ndi limodzi, muike chizindikiro kuti lililonse libwerere pamalo pake. Pitani ndi chikhadabo pa shafuti. Chikakodwa, shafutiyo ipite ku makina, mabering'i atsopano paokha sakhalitsa pamenepo. Zitsulo zikalowa mu oyilo zimafikanso ku pampu, ku makamu ndi ku kasefa ka VVT-i, choncho njira zonse za oyilo zitsukidwe.

Pomata sampu, silikoni akhale mzere woonda wa mamilimita 3 kapena kucheperapo, osati kupaka ngati chiponde. Oyilo ndi malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta.

aPhiri:
Zonsezo ndi ndalama. Swichi ina ndi ndalama zingati? Yambani ndi chotchipa.

Madala Mwale:
Swichi sigogoda aPhiri.

Mayi Nkhoma:
ABanda, za kudula waya mukane ndithu. Galimoto ikatuluka pa geti panu n'kukaboola buloko pa Simon Mazorodze, adzati ndinu munaigwira komaliza. Ngati mwini wake sakufuna kuti mutsegule, aitenge poikoka, osati poiliza. Ndipo muuzeni dalaivalayo kuti oyilo kukhala pa fulu sikutanthauza kuti oyiloyo akufika kumwamba kwa injini. Dipisitiki imangoona zomwe zili m'sampu.

Chisale wa ku Mbare:
Kodi geji yomwe mukunenayo imapezeka ku Kaguvi? Adaputa yake ikwana pa Honda?