Kalata kwa eni nyumba ya nazale, za lintelo yong'aluka ija

Mlembi: Akuluakulu, a Phiri eni nyumba ija tikuchita lendi ya nazale akuti mng'alu wa pamwamba pa windo lalikulu angomata simenti basi. Kalata ndalemba ndi iyi: "Bambo Phiri, tikupempha kuti lintelo ya pa windo la kutsogolo ilimbitsidwe mvula isanayambe chifukwa yang'aluka ndipo ana amakhala pansi pake." Ndiwonjezere chani?

Nabanda: Koma si pulasitala chabe? kwanga kunang'alukanso chonchi tinamata mpaka pano zii

Bambo a Tadala (bilida): Ayi mayi, ndinakagoba pulasitala ndi tchizulo, mng'alu walowa mu konkire mwenimweni. Uli pakatikati pa windo, wayambira pansi kukwera m'mwamba, pansipo ndi pokula mpaka ndalama yachitsulo ikulowa. Alembi alembe chifukwa chake: lintelo ikasenza njerwa ndi denga imafuna kupindika, pamwamba imapanikizika pansi imakokeka, nde konkire ikapanikizidwa imapirira koma kukokedwa siyilimba, ntchito imeneyo ndi ya zitsulo zokhala pansi. Mmenemo ndapezamo bulikifosi yekha, waya woonda uja timaika pakati pa mizere ya njerwa. Windo la mamita 2.4 limenelo!

Achimwene a ku Joni: Nde mawindo enawo bwanji ali bwinobwino, womanga si mmodzi yemweyo?

Bambo a Tadala: Enawo ndi a 1.2. Mpata ukakula kawiri mphamvu yopinda lintelo siyikula kawiri, imakula kanayi. Komanso mbali imodzi yangokhala pa khoma pang'ono, timafuna masentimita 20 uku ndi uku, pafupifupi njerwa yathunthu. Muone gawo la pakati la windo lalikululo likuvuta kutseka, felemu yayamba kusenza katundu osati wake.

Achimwene a ku Joni: Basi tingoika chitsulo cha engo pansi pake, kuno amatero

Bambo a Tadala: Zimatheka achimwene, bola chikhale chokhuthala ndipo chilowe m'khoma mbali zonse, felemu ichoke kaye. Ine ndikanakonda tichirikize denga ndi khoma la pamwambapo ndi mapolo a bulugama, tigumule, tithire ina ya zitsulo za Y12 ndi maringi ake, wilibala ya simenti imodzi mchenga ziwiri kwale zinayi, kuthirira madzi tsiku lililonse, mapolo osachotsa masabata atatu. Saizi yeniyeni atiuze injiniya wa ku khonsolo akaona denga.

Msungichuma: Ine funso langa, alipira ndani? nyumba si yathu iyi, ndalama za gulu ndi za phala la ana

Nabanda: Tilipire tizidula pa lendi, a Phiri sangakwanitse pakamodzi

Msungichuma: Pokhapokha asainire, za pakamwa ayi.

Mlembi: Chabwino ndilembamo malo a mng'alu, za zitsulo, windo losatsekalo, ndi kuti kumata kungobisa vuto. Za ndalama tikambe Loweruka. Aphunzitsi ndawaimbira, mawa ana aphunzirira chipinda cha kuseri. Bambo a Tadala mapolo mungaike liti?

Bambo a Tadala: Mawa m'mawa, wina andipezere anayi ndi thabwa lokhuthala