Mawu a Atsibweni pa mwambo wovumbula chiliza cha Agogo

Amayi aakulu (Katete): Ndamvetsera uthenga wa mawu umene achimwene atumiza dzulo akuwerenga zimene adzalankhule Loweruka ku Chadiza. Mfundo zonse zilimo, koma zikumveka ngati chilengezo cha boma, ndipo anthu akumudzi amene anawadziwa amayi athu sadzamva kuti akulankhulayo ndi mwana wawo.

Atsibweni (Chadiza): Ndamva, achemwali, koma ine ndidzaima pamaso pa anyakwawa ndi abusa monga mwinimbumba. Ndikalankhula ngati tikucheza pakhonde, nkhani ya munda anthu adzaitenga mopepuka.

Mwana wa achemwali (Chipata): Atsibweni, nkhawa yanuyo ndi yomveka, ndipo ndikupempha kuti tisasinthe pepala lonse mofanana. Malonje a poyamba akhale monga analembedwera, kuyambira anyakwawa, abusa, akuluakulu a mbali zonse ziwiri za banja, kenaka anthu onse, chifukwa pamenepo ndi pamene anthu amadziwira kuti wolankhulayo akudziwa mwambo. Pofunika kukonza ndi pakati, pamene ziganizo zatalika ndipo zabisa amene anachita zinthuzo. Taonani chiganizo ichi chimene chili m'ndime yachiwiri: "Zikuyamikiridwa kwambiri kuti thandizo la ndalama ndi zipangizo linaperekedwa ndi achibale osiyanasiyana pofuna kuonetsetsa kuti ntchito yomangidwa kwa chilizachi yakwaniritsidwa." Mu uthenga wanu munapumira pakati pa chiganizochi, mawu anu n'kutsika, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti sichinalembedwere pakamwa. Ndikanakonda munene motere: "Chiliza ichi sitinamange tokha. Ana athu a ku Lusaka anatumiza ndalama za simenti. Anyamata a pamudzi pano anatuta mchenga kudambo, ndipo azimayi anatunga madzi. Tikukuthokozani nonse." Chiganizo chilichonse chikutha ndi mpweya umodzi, chili ndi mwini wake, ndipo mukhoza kutembenukira kwa anthu amene mukuwatchulawo.

Amayi aang'ono (Lusaka): Zimenezi ndazikonda. Kodi sitingafewetsenso pa nkhani ya munda paja? Tikhoza kulemba kuti "mwina zingakhale bwino kuti mundawu usagulitsidwe", kuti ena asakhumudwe.

Mwana wa achemwali (Chipata): Amayi, pamenepo pokha ndikupempha kuti tisafewetse. Mawu monga "mwina", "ndikuganiza kuti" ndi "ngati n'kotheka" amasandutsa chigamulo kukhala pempho, ndipo wina adzaimirira n'kuyamba kutsutsa pamanda pomwepo. Ulamuliro wa Atsibweni sudzachepa chifukwa cha mawu osavuta, koma udzachepa akamveka okayika. Anene mwachidule kuti: "Banja linakhala pansi ndipo linagwirizana. Munda wa amayi sugulitsidwa. Odzaulima ndi ana a mbumba ino." Akatero akhale chete pang'ono, maso ali pa anthu, asanapitirire ndime yotsatira.

Amayi aakulu (Katete): Mwanayu wanena zoona. Ndikuonjezera kuti m'ndime ya mbiri mwadzaza zaka zambiri, za ubatizo, za ukwati ndi za kusamuka, ndipo achimwene akafika pamenepo amaweramira papepala osadzutsanso mutu. Tisiye chaka chobadwa ndi chaka chomwalira zokha, zimene zalembedwanso pachilizapo. M'malo mwa zinazo anene za nkhokwe ija imene amayi ankatsegulira ana amasiye chaka cha njala, pakuti imeneyo achimwene anaiona ndi maso awo ndipo safunika kuiwerenga.

Atsibweni (Chadiza): Ya nkhokweyo ndiinena ndithu. Koma nthabwala zimene mwana wina anandiuza kuti ndiikemo pofuna kusangalatsa anthu, zimenezo ayi.

Mwana wa achemwali (Chipata): Mwachita bwino kukana, Atsibweni, chifukwa nthabwala pamanda ndi za adzukulu, osati za mwinimbumba. Mwambi umene mwaika kumapeto ukhale umodzi womwewo. Ndikasindikiza pepalali m'tauni muno ndi zilembo zazikulu, chiganizo chilichonse pamzere wakewake, ndipo ndiika chizindikiro / pamene muyenera kupuma. Ndime za malonje ndi munda muziwerenge liwu ndi liwu kuti pasadzakhale wonena kuti munanena zina, koma pa nkhani ya nkhokwe ndilembapo mawu atatu okha okukumbutsani.

Amayi aang'ono (Lusaka): Ndikupempha achimwene kuti akalandira pepalalo ajambulenso uthenga wa mawu ataimirira panja, akulankhula mokweza monga adzachitire tsikulo, kuti timve pamene lilime likukodwabe ndiponso tione ngati zikutha m'mphindi 5 zimene abusa atipatsa.

Atsibweni (Chadiza): Pepalalo mulipereke kwa mlamu wanga amene akubwera kuno Lachitatu ndi matumba a ufa. Ndijambula Lachinayi m'mawa, ndipo amene ali ndi chokonza anene tsiku lomwelo, chifukwa Lachisanu tidzakhala tikulambula kumanda.