Ndilembe bwanji za notisi mu kontrakiti kuti tonse tizimva chimodzi?

Mayi wa masikono ku Ndirande:
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi kabekale kakang'ono ku Ndirande, antchito asanu, onse amalandira pa mwezi. Kontrakiti imene timasainirana anandikopera mphwanga kuntchito kwawo. Ndi ya Chingerezi chokhachokha, masamba anayi, moti ineyo sindinaiwerengepo mpaka kumapeto. Anyamata anangosaina.

Ndiye pa 31 Malichi ndinalipira onse. M'mawa mwake 4 koloko ndikufika, uvuni ili zii, wophika wanga wamkulu kulibe. Mafulawa matumba awiri ndinali nditagula kale, ogula akumsika ataima pakhomo ndi madengu awo. Nditamuimbira anandiyankha ali m'minibasi ya ku Thyolo, amvekere, "Mayi, si ndinakuuzani kuti ndidzapita kukakolola?" Zoona ananenadi tsiku lina tikukanda fulawa, koma ine ndinkayesa akunena za tchuthi. Iye akuti imeneyo inali notisi. Tinakangana, ndatopa nazo, ndamusiya.

Pano ndikufuna kulemba kontrakiti yatsopano m'Chichewa. Ndime ya notisi ndalemba chonchi:

"Aliyense mwa ife akhoza kuthetsa ntchito popereka notisi ya mwezi umodzi popanda kunena chifukwa. Wantchito akachoka osapereka notisi sadzalandira malipiro ake. Akalakwa kwambiri adzachotsedwa tsiku lomwelo."

Odziwa zinthuzi, kodi ili bwino? Ndiwonjezere chiyani?

Dalaivala wa ku Bangwe:
Mayi, zili bwinobwino zimenezo. Bola mwalemba mwezi umodzi, lamulo limatero. Kungoti notisi imayamba pa 1 mpaka pa 30, sungapereke pakati pa mwezi. Ife kuntchito kwathu ndi mmene timachitira.

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Achemwali, ndagwira zaka zambiri mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina ku Makata, ndiye ndikuuzeni mosabisa: mwa ziganizo zitatu zimene mwalembazo, palibe chimene chingaime bwino ku ofesi ya leba.

Mwezi umodziwo mwakhoza. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, gawo 29, limati munthu wolandira pa mwezi amene ntchito yake ilibe tsiku lothera, notisi yake isachepere mwezi umodzi, ndipo ikhale yolembedwa. Mawu akuti yolembedwa ndi amene mwawasiya, chonsecho ndi amene anakupwetekani. Zonenerana pokanda fulawa si notisi.

Koma vuto lalikulu lili pa "popanda kunena chifukwa". Wantchito akhoza kuchoka osanena chifukwa, inde. Inu ayi. Gawo 57 limati bwana asachotse munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chikhale cha khalidwe lake, kulephera kwake ntchito, kapena mmene bizinesi ikuyendera. Ngati ndi cha khalidwe kapena kulephera, ayambe wapatsidwa mpata woyankhapo. Notisi imangonena tsiku limene ntchito ithere, siyilowa m'malo mwa chifukwa. Ndaona mabwana ambiri akulipira mwezi wa notisi bwinobwino, mitima ili m'malo, kenako n'kukaluza ku khothi la milandu ya za ntchito chifukwa sanamufunse munthuyo mbali yake. Kumeneko amene amafunsidwa kuti abweretse umboni wa chifukwa ndi bwana, osati wantchito.

Achimwene a ku Bangwe, zoti notisi iyambe pa 1 mwina zili mu kontrakiti ya kuntchito kwanu. Lamulo silinanene zimenezo.

Mayi wa masikono ku Ndirande:
Bambo a ku Chilomoni, zikomo. Koma ndiye kuti ngakhale iyeyo atasaina kuti wavomera kuchotsedwa popanda chifukwa, sizigwira?

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Sizigwira. Kontrakiti ikhoza kumupatsa wantchito zoposa za lamulo, koma singamulande zimene lamulo linamupatsa, asaine kapena adinde chala. N'chifukwa chake ndime imodzi ija muigawe pawiri, ya iye ndi ya inu. Ine ndikanalemba motere:

"Inu mukafuna kusiya ntchito, mundipatse kalata mwezi umodzi lisanafike tsiku lanu lomaliza. Simukukakamizidwa kunena chifukwa."

"Ine ndikafuna kukuchotsani, ndidzakuuzani chifukwa chake m'kalata. Ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe lanu kapena kagwiridwe kanu ka ntchito, ndidzayamba ndakuitanani kuti mufotokoze mbali yanu. Ndikaganiza zokuchotsani, ndidzakupatsani kalata ya notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisiyo."

Mwaona ndalemba "ine" ndi "inu". Pamwamba pa pepala mulembe kamodzi kuti ine ndi ndani, inu ndi ndani, basi. Zija za "wolemba ntchito wotchulidwa pamwambapa" zimangotopetsa maso, munthu amafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala amene akunenedwa.

Kenako chiganizo cha kawerengedwe, chimene ambiri amachiona ngati chachibwana koma ndi chimene chimathetsa mikangano:

"Mweziwo timayamba kuwerenga tsiku lotsatira tsiku limene winayo walandira kalata. Mwachitsanzo, kalata ikalandiridwa pa 10 Malichi, tsiku lomaliza kugwira ntchito ndi pa 10 Epulo."

Chitsanzocho muchisiye momwemo mu kontrakiti. Ndipo musasinthe mwezi kukhala masiku 30. Tawerengani nokha: kuyambira pa 11 Malichi mpaka pa 31 ndi masiku 21, kuwonjeza 9 mwafika pa 9 Epulo. Mwapereweza tsiku limodzi, ndipo munthu wokwiya akhoza kukugwirani pa tsiku limodzi lomwelo.

Mlendo wa ku Machinjiri:
Nkhani yake imeneyi ndithu. Ine alandilodi anga andiuza pa 20 kuti pa 30 ndikhale nditatuluka, akuti mwana wawo akubwera kuchokera ku Joni. Depoziti akukananso kubweza. Ndiye mwezi umodzi mukunenawo ndikawauze?

Dalaivala wa ku Bangwe:
Aise, pano tikukamba za ntchito, osati lendi. Tsegulani funso lanu.

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Pepani a ku Machinjiri, lamulo ndikutchulali ndi la bwana ndi wantchito basi, musakalitchule kwa alandilodi. Yambani mwaona zimene munalemberana polowa m'nyumbamo.

Telala wa ku Limbe:
Ine funso langa ndi la kalatayo. Atsikana anga pa shopu salemba makalata, chilichonse ndi pa WhatsApp. Wina ananditumizira voisi usiku kuti sabweranso. Ndiye imeneyo tiziti kalata kapena ayi?

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Voisi si cholembedwa, imeneyo ichotseni. Uthenga wolemba pa foni anthu amakanganapo, wina amati ndinatumiza, wina amati foni inali kwa mwana. Njira yachidule ndi kugwirizana nokha n'kulemba: "Kalata iperekedwe pamanja, ndipo wolandira asaine ndi kulemba deti pa kope la woperekayo." Ngati mukufuna kulola za pa foni, lembani manambala awiriwo mu kontrakiti ndi kunena kuti uthenga wolemba wopita pa nambala imeneyo ndi notisi. Ineyo ndimakonda pepala. Mayi a ku Ndirande, sungani timafomu tating'ono m'diroo, tongolemba dzina, deti la lero ndi deti lomaliza. Munthu amene sadziwa kulemba bwino asalephere kupereka notisi chifukwa choopa kalata.

Mayi wa masikono ku Ndirande:
Za timafomuzo ndazikonda. Nanga chiganizo changa chachiwiri chija? Chifukwa ine chimene chikundiwawa ndi chimenecho. Munthu akundisiya ndi uvuni yozizira, ine ndimulipirenso?

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Masiku amene wagwira kale ndi ake, pamodzi ndi masiku a tchuthi amene sanatenge. Zimenezo simungazilande. Koma gawo 30 limagwira mbali zonse ziwiri: iye akachoka osapereka notisi, akuyenera kukulipirani ndalama yofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo, pokhapokha inu mutamukhululukira. Ndiye m'malo moopseza kuti sadzalandira kanthu, lembani ngongole:

"Amene sadikira kuti notisi ithe adzalipira mnzake malipiro a masiku otsalawo."

Tiyerekeze wophika amalandira K180,000. Wapereka kalata pa 10 Malichi koma wachoka pa 25. Otsala ndi masiku 6 a Malichi ndi 10 a Epulo, onse 16. Tikagawa K180,000 ndi 30, tsiku ndi K6,000, ndiye ngongole yake ndi K96,000. Inunso mukamuuza pa 25 kuti basi asabwerenso, K96,000 yomweyo ndinu muzipereka, pamwamba pa ya masiku amene wagwira.

Wa maakaunti, Nyambadwe:
Bambo, apo ndikutsutsani pang'ono. Ife timagawa ndi 26 chifukwa Lamulungu sagwira. K180,000 kugawa 26 ndi pafupifupi K6,923 pa tsiku, ndipo timawerenga masiku ogwira okha. Yankho silifanana ndi lanulo.

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Zoona, njira zonse ziwiri ndaziwonapo. Chofunika n'chakuti mayiwa asankhe imodzi, ailembe ndi chitsanzo cha ndalama, ndipo aziigwiritsa ntchito kaya wolipira ndi iwo kaya ndi wantchito. Kugawa ndi 26 podula ndi 30 polipira, kumeneko ndiye kuputa mlandu.

Wa maakaunti, Nyambadwe:
Apo tagwirizana. Koma kudula ndalamayo nokha pa malipiro omaliza, ine ndimachita nako mantha. Malamulo odula malipiro ndi okhwima. Ife timamuitana munthu, tiwerengera limodzi, asaine kuti wavomera. Akakana, timapita naye ku leba.

Dalaivala wa ku Bangwe:
Nanga wophika wa mayiwa analandira kale zonse pa 31, adula pati? Ali ku Thyolo uyo akukolola. Mapepala ndi abwino koma wothawa amathawabe.

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Sindikukana. Mayi, chiganizo chanu chachitatu chija: "kulakwa kwambiri" aliyense amamva zake. Gawo 59 limalola kuchotsa popanda notisi pa zinthu monga kulakwa kwakukulu, kukana dala lamulo loyenera la bwana, kunyozera ntchito kawirikawiri, ndi kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Inu mutchule za pa bekale panu zenizeni: kuba fulawa kapena ndalama za masikono, kubwera ataledzera pa uvuni, kumenya mnzake. Muyambe ndi mawu akuti "monga" kuti mndandandawo usatsekeke. Ndipo "tsiku lomwelo" mufufute. Ngakhale mwamugwira ndi thumba la fulawa pamutu, mukhale naye pansi kaye pali mboni, mulembe zimene wayankha.

Mayi wa masikono ku Ndirande:
Ndakopera zonse. Ndaganiza zogawa ndi 30 chifukwa ndi imene anyamata angawerengere pa foni osavutika. Loweruka tikatseka ndiwawerengera mokweza, kenako aliyense andiuze tsiku lake lomaliza ngati atapereka kalata Lolemba. Amene alakwitse, ndidziwa kuti chiganizocho sichinamveke. Chimene sindinamve ndi ichi: awiri mwa iwo ndikufuna ndiziwalipira pa sabata kuyambira mwezi wamawa. Ndime yomweyi igwira?

Kalaliki wopuma, Chilomoni:
Wa pa sabata lamulo limamuyambira pa notisi ya sabata imodzi, koma imakwera akamakhalitsa, mpaka mwezi akakwana zaka zisanu. Awiriwo agwira zaka zingati kwa inu?